Piritsi la mphamvu za abambo lisakumane ndi kapiritsi ka pansi pa lilime

Ku Chipata kuno piritsi la mphamvu za abambo silivuta kupeza. Lamulo limati mankhwala amenewa azigulitsidwa kwa munthu amene wabwera ndi pepala la dokotala, koma wokhala ku Kapata kapena ku Mchini akudziwa kuti amayenda m'matumba a jekete, m'mabala, ndiponso m'zikwama za anyamata oyenda ndi malonda. Wogula amalankhula motsitsa mawu, wogulitsa amangowerenga ndalama, basi nkhani yatha.

Ine sindili kumbali ya amene akufuna kuti mapiritsiwa athetsedwe. Ndi mankhwala enieni, anayesedwa bwino, ndipo athandiza mabanja ambiri amene shuga ndi BP zinawaziziritsira kuchipinda. Chimene ndikukana ndi kugulitsa mosafunsa. Pali funso limodzi loyenera kufunsidwa piritsi lisanachoke m'manja mwa wogulitsa, ndi kufunsidwanso pamene bambo wafika kuchipatala atagwira pachifuwa. Kwa wogula funsolo ndi lakuti, kodi mumamwa mankhwala a mtima a mtundu wa naitireti? Kwa wodwala ndi lakuti, kodi mwamwa piritsi la mphamvu m'masiku awiri apitawa? Ambiri amaganiza kuti choopsa pa mankhwalawa ndi kumwa ochuluka. Kumwa ochuluka n'koipa ndithu, koma bambo amene wamwa piritsi limodzi lokha, mlingo woyenera, akhoza kugwa ngati m'thupi mwake mwakumana mankhwala awiriwa.

Kuti zimveke, tiyenera kudziwa kaye chimene piritsili limachita. Chida cha abambo chimadzuka chifukwa cha magazi. Mwamuna akakhala ndi chilakolako, mitsempha yonyamula uthenga imatulutsa kampweya kotchedwa naitiriki okusaidi m'makoma a mitsempha ya magazi ya kumeneko. Kampweyako kamachititsa thupi kupanga chinthu china chimene akatswiri amachilemba kuti cGMP, ndipo chimenechi ndiye chimamasula timinofu ta m'makoma a mitsempha kuti mitsemphayo itakasuke, magazi adzaze. Thupi lilinso ndi chochotsera chake, chotchedwa PDE5, chimene ntchito yake ndi kuphwanya cGMP kuti zinthu zibwerere m'malo. Piritsi limagwira PDE5 ameneyu kuti asafulumire. Ndiye kuti piritsi silibweretsa chilakolako, ndipo silidzutsa munthu amene maganizo ake ali kutali. Limangothandiza kuti chimene thupi layamba lokha chisathe msanga.

Mapiritsi amene amapezeka kwambiri kuno ndi a mitundu iwiri. Silidenafili, amene dziko linamudziwa ndi dzina la Vayagira atavomerezedwa ku Amereka mu 1998, amabwera m'mlingo wa mamiligalamu 25, 50 ndi 100. Amamwedwa pafupifupi ola limodzi nthawi isanakwane, kamodzi kokha pa tsiku, ndipo mphamvu yake imatenga maola anayi kapena kupitirirako pang'ono. Chakudya chamafuta ambiri chimamuchedwetsa, n'chifukwa chake bambo amene wadya nyama ya nkhumba yokazinga amaganiza kuti piritsi lakanika n'kumwa lachiwiri. Wina ndi tadalafili, amene anabwera mu 2003. Ameneyu sachedwetsedwa ndi chakudya, ndipo mphamvu yake imafika mpaka maola 36. Ogula amamukonda pa chifukwa chimenechi, koma kukhalitsa komweko ndi kumene kumamupangitsa kukhala woopsa kwa wodwala mtima.

Anthu ambiri sadziwa kuti silidenafili sanapangidwire za kuchipinda. Kampani ya Pfizer inkamuyesa ku Mangalande, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ngati mankhwala a kupweteka kwa pachifuwa kobwera ndi matenda a mtima. Pa ntchito imeneyo sanachite bwino kwenikweni, koma abambo amene ankamuyesa anafotokoza zina zimene zinkawachitikira. Mbiri imeneyi ikutikumbutsa kuti piritsi sililondola malo amodzi okha. Limayenda m'magazi thupi lonse, n'kumasulako mitsempha ya kwina konse. Ndiye chifukwa chake womwa amamva mutu, nkhope imatentha, mphuno zimatsekeka, ndipo BP imatsikako pang'ono. Kwa munthu wabwinobwino kutsikako n'kochepa, sachedwa kukuiwala.

Tsopano naitireti. Pali matenda amene mitsempha yodyetsa mtima imachepa njira chifukwa cha mafuta omata m'kati. Munthu akakwera chitunda kapena akanyamula katundu, mtima umafuna magazi ambiri koma njira n'njopanikizika, ndiye pachifuwa pamalemera ngati pakanikizidwa, nthawi zina ululu n'kutsikira ku dzanja lamanzere kapena kukwera m'chibwano. Akapuma, zimasiya. Madokotala amati anjaina. Mankhwala ake akale kwambiri ndi naitirogiliserini, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa vutoli cha m'ma 1879. Ndi kapiritsi kakang'ono koika pansi pa lilime, kapena kabotolo kopopera m'kamwa, ndipo pa kabotolopo nthawi zambiri pamalembedwa kuti GTN. Palinso aisosobaidi, amene ena amamwa tsiku ndi tsiku kuti ululu usabwere, ndipo m'mabuku a kuchipatala amafupikitsidwa kuti ISDN kapena ISMN. Onsewa akalowa m'thupi amatulutsa naitiriki okusaidi yemwe uja, m'mitsempha ya thupi lonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Naitireti amachulukitsa cGMP, piritsi la mphamvu limaletsa kuti cGMP achotsedwe. Zili ngati kutsegula madzi onse olowa m'dimba pamene ngalande yotulutsira mwaitseka: mbewu zimamira. Mitsempha ya thupi lonse imamasuka nthawi imodzi, magazi amakhazikika m'miyendo ndi m'mimba, obwerera ku mtima amachepa, BP imagwa.

Wina anganene kuti odwala mtima otere ndi ochepa, nanga bwanji kuopseza mtundu wonse wa abambo? Yankho langa ndi lakuti amene amafuna piritsi la mphamvu ndi amene adzafune naitireti nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo. Shuga, BP, fodya, kunenepa ndi ukalamba zimawononga mitsempha ya magazi paliponse. Mitsempha ya ku chida ndi yaing'ono kuposa yodyetsa mtima, choncho imayamba kuonetsa vuto. Madokotala a mtima amadziwa kuti kufooka kwa kuchipinda kumatha kutsogola zaka zingapo pachifuwa pasanayambe kupweteka. Bambo wa zaka 50 amene wayamba kugwa m'papaya popanda chifukwa chooneka akufunika kuyezedwa shuga ndi BP sabata yomweyo. Akathamangira kwa mnyamata wa pa bala, wagula chothandizira usiku umodzi, koma chenjezo limene thupi limamupatsa walitaya.

Tiyeni tiyerekeze bambo wa zaka 58, wogula ndi kugulitsa nshawa, amene wakhala ndi shuga zaka zambiri. Chaka chatha anayamba kumva kulemera pachifuwa akamakankha njinga yodzaza matumba pa chitunda, ndipo kuchipatala anamupatsa timapiritsi ta pansi pa lilime kuti azisunga m'thumba. Satigwiritsa ntchito kawirikawiri, mwina kawiri pa mwezi, moti iye sadziwerengera ngati munthu amene ali pa mankhwala a mtima. Loweruka cha m'ma 9 koloko usiku wamwa tadalafili wa mamiligalamu 20 amene mnzake anamupatsa. Usikuwo zonse zayenda bwino, palibe chachitika, ndipo m'mawa wapita kutchalitchi ali wosangalala.

Lamlungu cha m'ma 2 koloko masana akukweza matumba m'ngolo, ndipo pachifuwa pamugwira. Piritsi la dzulo analiiwala kalekale. Koma thupi limatenga maola pafupifupi 17 kapena 18 kuti lichotse theka lokha la tadalafili, ndiye kuti pa nthawi imeneyi pafupifupi theka la mankhwalawo likadali m'magazi. Waika kapiritsi pansi pa lilime monga anamuphunzitsira. Kapiritsi aka kamagwira m'mphindi ziwiri kapena zitatu. M'malo mopeza bwino, akuona mdima m'maso, thukuta lozizira latuluka, mawondo alobodoka, mtima ukugunda mothamanga koma mofooka. BP imene imakhala cha m'ma 140 pa 85 ikhoza kugwa kufika cha m'ma 80 pa 50, kapena kutsika kuposa pamenepo.

Choipa n'chakuti mtima wake unali kale ndi njala ya magazi. Kuti magazi adutse pa mtsempha wopanikizika pamafunika mphamvu yowakankha, ndipo mphamvu imeneyo ndi BP imene yagwa ija. Mtima ukuthamanga kuti ubwezeretse BP, ndipo pothamangapo ukufuna magazi ochuluka pa nthawi imene ukulandira ochepa. Ululu ukukula. Bambo uja, pokumbukira kuti anauzidwa kubwereza kapiritsi pakatha mphindi zisanu ngati ululu sunasiye, watenga kachiwiri. Apa munthu akhoza kukomoka, mbali ya mtima ikhoza kufa, ubongo ukhoza kusowa magazi n'kuchita sitiroko. Pa maliro anthu adzati BP inamukwera, pamene chomupha ndi BP yotsika.

Kodi akanayenera kutani? Poyamba penipeni, munthu amene amasunga naitireti m'thumba, ngakhale atamagwiritsa ntchito kamodzi pa miyezi itatu, sayenera kumwa piritsi la mphamvu ayi. Kuchepetsa mlingo sikuthandiza, kudula piritsi pakati sikuthandiza. Ndipo asasiye yekha mankhwala a mtima kuti apeze mpata wa Loweruka, chifukwa ululu wa pachifuwa susankha tsiku. Choyenera ndi kukambirana ndi dokotala, amene angaone ngati naitireti akufunikabe kapena ngati pali mankhwala ena a anjaina amene angalowe m'malo mwake. Mankhwala otere alipo.

Koma ngati zachitika kale, munthu wamwa piritsi ndipo pachifuwa pamugwira, asiye chimene akuchita, akhale pansi, ndipo naitireti asamukhudze, kaya wake kaya wobwereka kwa mnansi. Ngati akuona chizungulire agone chagada miyendo itakwezedwa pa mtsamiro kapena pa thumba. Apezeredwe galimoto mwamsanga, asapalase njinga yekha. Atenge paketi ya piritsi lija. Akafika, mawu oyamba kwa namwino akhale dzina la chimene anamwa ndi ola limene anamwera. Malire amene madokotala amatsata ndi awa: naitireti saperekedwa pasanathe maola 24 munthu atamwa silidenafili, ndipo pasanathe maola 48 atamwa tadalafili. Akadziwa, ali ndi njira zina zothandizira mtima, ndipo ngati BP yagwa kale amaika diripi kuti aikweze. Akapanda kudziwa, chinthu choyamba chimene angachite kwa bambo wogwira pachifuwa ndi kumuika kapiritsi komweko pansi pa lilime, ndi mtima wabwino ndithu.

Ndikudziwa chimene chimamanga pakamwa. Pambali pa bedi paima mkazi wake, mwina ndi mwana wamkulu kapena mkamwini amene wabweretsa galimoto. Namwino ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, mwinanso amapemphera mpingo umodzi. Nthawi zinanso piritsilo silinamwedwere kunyumba. M'malo otere bambo wachichewa kapena wachingoni adzasankha kukhala chete, ndipo kumudzudzula kuti alimbe mtima sikusintha kanthu. N'chifukwa chake ndikuti udindo waukulu uli kwa wofunsa. Kaya ndi ku chipatala chachikulu cha Chipata, ku St Francis ku Katete kapena pa kiliniki ya kumudzi ku Chadiza, bambo aliyense wobwera ndi ululu wa pachifuwa afunsidwe asanapatsidwe naitireti, ndipo achibale ayambe apemphedwa kutuluka panja. Kafunsidwe kakenso kakhale kopatsa ulemu: “Bambo, funso ili timafunsa aliyense. Kuyambira dzana, mwamwako chilichonse chothandizira mphamvu za kuchipinda, kaya piritsi, kaya cha m'botolo? Sitiuza munthu, koma tikapanda kudziwa mankhwala athu akhoza kukupwetekani.” Munthu akamva chifukwa chake, amayankha.

Mawu akuti “cha m'botolo” ndawaikapo dala. Mu 2019 boma la Zambia linaletsa chakumwa china chopatsa mphamvu chimene chinkapangidwa ku Ndola, atachiyeza n'kupeza kuti munali silidenafili, pamene pa botolo sipanalembedwe. Nkhaniyo inayambira ku Uganda, kumene bambo wina anadandaula atamwa. Anthu ankangogula m'mashopu ngati chakumwa wamba. Ngati zinatheka ndi chinthu cha m'fakitale chokhala ndi chizindikiro, kuli bwanji khofi, uchi ndi ufa wa m'timapaketi zimene zimalengezedwa kuti n'zachilengedwe? Sindikunena kuti aliyense wogulitsa vubwe kapena mutototo amathiramo mapiritsi. Ndikunena kuti wogula alibe njira yodziwira, ndipo chinthu chimene akuti ndi mizu chabe koma chikugwira m'kati mwa ola, n'kubweretsa mutu, nkhope yotentha ndi mphuno zotsekeka, chiyenera kukayikiridwa. Wodwala mtima azipewe zonsezi. Ku Singapore mu 2008 mapiritsi abodza a mphamvu anapezeka ndi mankhwala a shuga, anthu ambiri anagonekedwa shuga wawo atatsikiratu, ena anamwalira.

Pali ena amene ayenera kupewa kapena kusamala, ndipo kwathu kuno oyamba kuwatchula ndi amene ali pa ma ARV a gawo lachiwiri okhala ndi ritonavire. Mankhwala amenewa amachedwetsa chiwindi kuchotsa silidenafili, moti piritsi limodzi limakhala ngati angapo. Malire kwa iwo ndi mamiligalamu 25 pa maola 48, ndipo izi zikambidwe ndi a ku kiliniki kumene amatengera mankhwala. Amene ali pa ma ARV otchedwa TLD alibe vuto limeneli. Abambo amene akumwa mankhwala othandiza kukodza chifukwa cha kutupa kwa pulositeti ayenera kuyamba ndi mlingo wochepa, poti mankhwala ambiri a vutoli amatsitsanso BP. Amene wangodwala kumene sitiroko kapena mtima m'miyezi yapitayi, amene BP yake ili pansi pa 90 pa 50, amene ali ndi matenda aakulu a chiwindi, ndi amene anayamba wachitapo khungu mwadzidzidzi diso limodzi chifukwa cha mtsempha wa diso, asamwe. Wa matenda a siko selo ali pa ngozi yoti chida chikane kugona. Kwa aliyense, chikapitirira maola anayi chili chodzuka, ndi nkhani ya kuchipatala usiku womwewo, chifukwa magazi otsekeredwawo amawononga minofu ndipo mphamvu ikhoza kupitiratu.

Komanso tisaopseze amene sayenera kuopa. Mankhwala wamba a BP, monga amulodipini ndi enalapulo, nthawi zambiri amayendera limodzi ndi mapiritsiwa popanda vuto ngati BP ili m'malo. Bambo wa shuga kapena BP amene amatha kuyenda mwandawala kilomita imodzi ndi theka m'mphindi 20 osamva pachifuwa kapena kubanika, kawirikawiri mtima wake ukhoza kupirira ntchito ya kuchipinda. Wotere dokotala akhoza kumulembera piritsi, n'kumagula lenileni pa mlingo woyenera. Nthawi zinanso amapeza kuti ena mwa mankhwala a BP amene akumwa ndi amene akumufooketsa, n'kumusinthira.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo ndiyenera kuivomera. Amati ukalimbitsa lamulo la pepala la dokotala, bambo sapita kukaima pa mzere tsiku lonse kuti akanene za kuchipinda kwake m'chipinda chimene chitseko chake sichitsekeka. Amangopita kwa mnyamata wa jekete uja, amene ndiye safunsa n'komwe. Zoona. Koma ku Britain anapeza njira yapakati: kuyambira 2018 silidenafili wa mamiligalamu 50 amagulitsidwa m'mafamase popanda pepala la dokotala, pokhapokha katswiri wa mankhwala atayamba wafunsa za mtima ndi za mankhwala ena amene munthu akumwa. Ine ndikuona kuti bungwe la ZAMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, liyenera kuiganizira njira imeneyi pa mafamase olembetsedwa, kwinaku likulimbana ndi ogulitsa a m'misewu ndi zakumwa zobisa mankhwala. Chimene chimateteza munthu ndi mafunso, ndipo pepala ndi njira imodzi chabe yotsimikizira kuti mafunsowo afunsidwa.

Pamene tikudikira zimenezo, bambo aliyense amene ali pa mankhwala a mtima ndipo sakudziwa ngati mwa iwo muli naitireti atenge mapaketi ake onse, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, apite nawo ku famase yolembetsedwa kapena ku kiliniki akafunse. Asadalire mtundu wa piritsi kapena kukula kwake, chifukwa timapiritsi toyera tating'ono ndi tambiri ndipo timafanana. Nawonso amene amapereka kapiritsi ka pansi pa lilime kwa bambo koyamba amuuze tsiku lomwelo, asanafunse, kuti kuyambira lero mapiritsi a mphamvu ndi zakumwa zake si zake, ndi kuti ngati kuchipinda kukuvuta abwere adzakambirane njira ina.